Mafunso ofunsa anzanu pa pulezenteshoni: zolakwika zofala ndi kakonzedwe kake

Chaka ndi chaka ndimakhala kumbuyo kwa kalasi, pepala lochongera lili pamwendo, kumvera magulu a ophunzira akuchita pulezenteshoni. Masilaidi nthawi zambiri amakhala okongola ndithu. Zimavuta pamene wolankhula watembenukira kwa anzake n'kuwaponyera funso. Kalasi imangoti zii, iye n'kumwetulira mwamanyazi, kenako n'kudziyankha yekha. Akatuluka panja amadandaula kuti anzake ndi oipa mtima, amafuna kuti alakwe. Koma ndikalibwereza funsolo m'mutu mwanga, ndimapeza kuti ngakhale ine ndikanakhala chete.

Mafunso omwe ndikuyankha m'munsimu ndi omwe ophunzira amabwera nawo kuofesi. Ndawaika mu ndondomeko yomwe muyenera kutsata pokonzekera, ndipo tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Gulu lina la anthu 5 linapatsidwa mphindi 15 kuti lifotokoze za kasungidwe ka chimanga chikakololedwa. Kutatsala masiku awiri linandionetsa mafunso omwe linakonza kuti lidzafunse kalasi, ndipo anali awa:

1. Mukudziwapo chiyani za kasungidwe ka chimanga?
2. Kodi si zoona kuti matumba osalowa mpweya a PICS ndi abwino kuposa nkhokwe?
3. Kodi anankafumbwe amawononga bwanji chimanga, nanga alimi angachite chiyani, ndipo boma lithandize motani?
4. Ndani mwa inu kwawo chimanga chinatha Disembala asanafike?
5. Tili limodzi? Pali funso?

Funso lililonse pamenepa lili ndi nthenda yakeyake.

Tiyambe ndi mafunso kapena masilaidi?

Musayambe ndi chilichonse mwa ziwirizi. Khalani pansi monga gulu ndipo mulembe chiganizo chimodzi: mnzanu akamatuluka m'kalasimo, mukufuna atuluke akudziwa chiyani chimene sankachidziwa polowa? Chiganizocho chikhale chonena kanthu, osati mutu wa nkhani chabe. "Kasungidwe ka chimanga" ndi mutu. Sungakuuzeni funso loti mufunse.

Gulu lija linakangana kwa theka la ola lisanagwirizane, ndipo kukangana kwakeko kunali kwaphindu. Wina ankafuna kunena za mankhwala othira m'chimanga, wina za makoswe, wina za mitengo ya pamsika. Pomaliza analemba kuti: "Thumba losalowa mpweya limapha anankafumbwe, koma silingapulumutse chimanga chomwe chalowamo chisanaume." Atangolemba izi, mafunso awiri mwa asanu aja anaoneka okha kuti akusochera. Nkhani ya boma inalibe pokhala, nkhani ya njala ya Disembala inalinso ya tsiku lina.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri n'choti mafunso amalembedwa usiku womaliza, masilaidi atatha kale, chifukwa wina wakumbukira kuti papepala lochongera pali malikisi a kuchititsa omvera kutengapo mbali. Mafunso otero amadziwika msanga. Mutawachotsa, pulezenteshoni ingayende chimodzimodzi osasowa kanthu. Yesani chomwecho pa funso lanu lililonse: likachoka popanda chosintha, ndiye kuti linangomatidwapo.

Tikonze mafunso angati?

Werengerani nthawi, yankho lituluka lokha. Kufunsa funso momveka bwino kumatenga masekondi 10 kapena 15. Kudikira kuti anthu aganize, masekondi ena 5 mpaka 10. Anthu awiri akayankha, aliyense kwa theka la mphindi, yapita mphindi yathunthu. Kenako inu muyenera kulumikiza mayankhowo ndi mfundo yanu, lomwe ndi theka lina la mphindi. Funso limodzi lochitidwa bwino limadya pafupifupi mphindi ziwiri.

Tsono mafunso 5 adya mphindi 10 mwa mphindi 15 zija, ndipo anthu asanu agawana mphindi 5 zotsala. N'chifukwa chake magulu okhala ndi mafunso ambiri amafunsa mothamanga osadikira yankho, kapena amadulidwa ndi aphunzitsi asanafike pa mfundo yawo yaikulu. Pa mphindi 15, mafunso awiri akwana, atatu ndiye malire. Gulu lathu linasankha atatu: lotsegulira, lapakati, ndi lotsekera lomwe ndi lalifupi.

Funso loyambalo ndi lophweka. Lalakwika pati?

Ndi lotambalala kwambiri moti munthu sadziwa polilowera. "Mukudziwapo chiyani za kasungidwe ka chimanga?" Mnzanu amene anakulira kumudzi amadziwa zinthu makumimakumi pa nkhaniyi, kuyambira kuika chimanga pamikukwe, kuluka nkhokwe, kutonola, kupeta, mpaka kuthira mankhwala. Anene chiti? Amaopa kuti akatchula chimodzi, mwina si chimene inu mukufuna, ndiye amasankha kukhala chete. Amene amayankha funso lotere ndi mnyamata uja woyankha chilichonse, ndipo amatha kukutengerani kutali ndi nkhani yanu kwa mphindi zitatu.

Funso lotsegulira likhale lopapatiza, lokhudza chinthu chomwe anthu anachionapo ndi maso, komanso losafuna kuti akhale atamva kale phunziro lanu. Gulu lija linalisintha motere:

"Kwanu, agogo kapena mayi anu amadziwa bwanji kuti chimanga chauma mokwanira kulowa m'thumba?"

Funso ili lili ndi khomo. Wina anena kuti amaluma njere, ikalira kuti khwa ndiye kuti yauma. Wina anena kuti amagwedeza njere m'manja kapena m'chitini n'kumvera kulira kwake. Wina anena kuti amangowerenga masiku omwe chakhala padzuwa. Palibe yankho lochititsa manyazi, ndipo mayankho onsewa akukufikitsani pomwe mukufuna, pa nkhani ya chinyezi. Mukatero mumangoti, "Njira zonsezi ndi zongoyerekeza. Tiyeni tione chifukwa chake kulakwitsa pang'ono pamenepa kumawononga thumba lonse." Mwalowa m'phunziro anzanu atakukankhirani okha.

Ngati m'kalasi mwanu ambiri anakulira m'tauni, pomwe ufa umachokera kugolosale, onjezani mawu ochepa: "kapena kumudzi komwe munapitako patchuthi". Kuiwala kuti omvera anu ndi ndani ndi cholakwika chinanso.

Nanga funso la "si zoona kuti" lili ndi vuto lanji? Anthu amayankhatu.

Amayankha, inde, koma sanaganize. Funso loyamba ndi "si zoona kuti" kapena lothera ndi "si choncho?" lanyamula kale yankho lake kumsana. Kwathu kuno munthu akaimirira kutsogolo n'kufunsa chotero, ulemu umatikakamiza kuvomera. Kalasi yonse iyankha kuti "eee" mokoka mawu, ena akuyang'ana pafoni. Simunadziwe chilichonse za zomwe akuganiza, ndipo aphunzitsi kumbuyo kuja aona kuti mwangodziombera m'manja nokha.

Apa ndi pomwe ndimafuna muthere nthawi yambiri, chifukwa funso lapakati ndiye mtima wa pulezenteshoni. Njira yomwe imagwira ntchito ndi yoti mupereke kankhani kakafupi, kenako mayankho atatu oti anthu asankhepo pokweza manja. Koma funsolo libwere mutawapatsa kale zipangizo zoganizira. Gulu lathu linayamba lafotokoza momwe thumba la PICS lilili: lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka yolukidwa kunja, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chimamangidwa pachokha. Linafotokozanso kuti njirayi inachokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ya ku America, ndipo poyamba inkagwiritsidwa ntchito posunga khobwe. Tizilombo tomwe tatsekeredwa m'katimo timapuma mpweya wa okosijeni wotsalawo mpaka kuchepa, kenako timasiya kudya ndi kuswana, n'kufa, popanda kuthira mankhwala. Atafotokoza zimenezi anafunsa kuti:

"Mlimi watonola chimanga chomwe sichinaumitsitse. Wachiika m'thumba la PICS lopanda chibowo, wamanga bwinobwino. Akadzamasula pakatha miyezi 4, adzapeza chiyani? Choyamba, chimanga chabwinobwino, poti mpweya sunalowe. Chachiwiri, anankafumbwe ataswana kwambiri chifukwa cha chinyezi. Chachitatu, anankafumbwe atafa, koma chimanga chitawonongeka ndithu."

Taonani momwe mayankho olakwikawo anasankhidwira. Loyamba ndi lomwe munthu womvetsera bwino angasankhe, chifukwa wangomva kumene kuti thumbali limateteza. Lachiwiri ndi lomwe angasankhe munthu wodziwa kuti tizilombo timakonda chimanga chofewa. Onse awiri ali ndi nzeru m'kati mwake. Ophunzira ambiri amalakwitsa pamenepa poika mayankho achibwana, monga "chimanga chidzasanduka mpunga", pofuna kuseketsa. Anthu aseka, koma funso lafa, chifukwa yankho loona latsala lokha poyera.

Pa tsikulo manja ambiri anakwera pa yankho loyamba. Ndicho chomwe gululo linkafuna. Mtsikana amene ankatsogolera gawoli anafunsa mmodzi wa iwo kuti, "Achimwene, mwasankhiranji loyamba?" Atamva chifukwa chake, anafotokoza kuti thumba limatsekera mpweya kunja koma limatsekeranso chinyezi m'kati, ndipo chimanga chonyowa chikatsekeredwa chimayamba kusasa, kununkha ndi kusintha mtundu, ndipo mpweya ukadzangolowa chimachita chuku mosavuta. N'chifukwa chake alangizi amati chimanga chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo chisanalowe m'thumba. Nambala imeneyi ikanangoikidwa pa silaidi, anthu akanaiwala asanafike pakhomo. Anaigwira chifukwa anali atangolakwa kumene funso lomwe ankaganiza kuti alikhoza.

Chenjezo laling'ono: yankho lisaoneke pa silaidi yomwe pali funso. Zimamveka ngati zosafunika kunena, koma ndaonapo kangapo funso lili pamwamba, yankho lili m'munsi mwake m'zilembo zofiira. Mu PowerPoint ikani funso pa silaidi yakeyake, yankho pa yotsatira.

Funso lachitatu lija tingolifupikitsa?

Kulifupikitsa sikuthandiza, chifukwa si funso limodzi. Ndi mafunso atatu omangidwa mtolo umodzi: kuwononga kwa anankafumbwe, zochita alimi, ndi udindo wa boma. Womvera amagwira lomaliza lokha, kapena amasankha lomwe lamukomera, lomwe nthawi zambiri ndi la boma, ndipo kalasi imasanduka bwalo la ndale. Mukaona mawu oti "nanga", "komanso" kapena "ndipo" m'kati mwa funso lanu, imani muwerenge kuti mukufuna mayankho angati. Akaposa limodzi, dulani, musunge lokhalo logwirizana ndi chiganizo chanu chija. Gulu lathu linataya onse atatu, ndipo palibe anawasowa.

Aphunzitsi anati mafunso athu ndi "oloweza". Ankatanthauza chiyani?

Ankanena mafunso ofuna kuti munthu abwereze zomwe wamva kapena zomwe zili m'buku, monga "Tchulani mitundu iwiri ya tizilombo towononga chimanga" kapena "PICS ikuimira chiyani?" Amene mukuchita maphunziro a uphunzitsi munakumana kale ndi magawo a kaganizidwe omwe Benjamin Bloom ndi anzake anasindikiza mu 1956, oyambira pa kukumbukira chabe, kukwera kupita ku kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuphatikiza mfundo ndi kuweruza. Funso loloweza lili pa sitepe yapansi penipeni. Si tchimo, koma pa mphindi 15 mulibe nthawi yolitayira, ndipo anzanu a msinkhu wanu amaipidwa mukawafunsa ngati ana a sitandade 4.

Simukusowa kuloweza magawo onsewo. Ingotengani mfundo yanu n'kuiika m'manja mwa munthu wina amene ali ndi vuto. M'malo mofunsa kuti chinyezi choyenera ndi chotani, funsani chomwe chichitikire mlimi amene sanachifikire. Ndi momwe funso la miyezi 4 lija linabadwira.

Funso la njala lija ndi lochokera m'moyo weniweni. Bwanji tilichotse?

Chifukwa likupempha munthu kuti aulule umphawi wa kwawo pamaso pa anzake ndi aphunzitsi. Amene kwawo chimanga chinathadi ndi amene sangakweze mkono, ndipo mwamupweteka mtima popanda phindu. Amene akweze ndi oseka. Zimakhalanso choncho ndi mafunso a matenda, a ndalama za fizi, a chipembedzo, kapena a zomwe munthu amachita m'chibwenzi. Ophunzira a zaumoyo amagwa kawirikawiri m'dzenje limeneli: "Ndani pano anayezetsapo magazi?"

Ngati mfundoyo ndi yofunikadi, ichotseni pa munthu n'kuiika pa dera kapena pa munthu wongopeka. "M'midzi yomwe mukuidziwa, chimanga cha mabanja ambiri chimayamba kutha mwezi uti?" Munthu atha kuyankha za kwawo kwenikweni koma akuoneka ngati akunena za ena.

Pomwepa ndinenenso za kufunsa aphunzitsi. Ena amaganiza kuti n'kuchenjera kutembenukira kumbuyo n'kuti, "Mwina aphunzitsi angatithandize pamenepa." Musatero pokhapokha mutagwirizana nawo kale. Iwo abwera kudzachonga, ndipo ambiri amaona ngati mukuwasenzetsa katundu wanu.

"Tili limodzi?" ndi funso loipa? Aliyense amafunsa choncho.

Ndi mawu opumirapo, ngati kutsokomola. Palibe amene anayankhapo kuti "ayi, mwatisiya". Chimodzimodzi "mwamva?" ndi "zikumveka?". Mutha kuwanena, koma musawawerengere pa mafunso anu, ndipo musakhulupirire "eee" amene akutsatirapo.

Ngati mukufunadi kudziwa kuti anthu amva, apatseni kanthu kochita ndi zomwe amvazo. Funso lotsekera la gulu lathu linali lotere: "Mlimi wabwera kwa inu ndi thumba la PICS latsopano ndi chimanga chongotonola kumene. Chinthu choyamba chomwe mumuuze achite asanathire chimangacho ndi chiyani?" Yankho likakhala loti aonetsetse kaye kuti chauma, ndiye kuti chiganizo chanu chafika. Likakhala loti athire mankhwala, mwadziwa kuti pali pomwe simunamveke, ndipo muli ndi theka la mphindi loti mukonze.

"Pali funso?" nalonso limabala chete, makamaka mukalinena mukutseka kale laputopu. Nenani ngati munthu woyembekezera kufunsidwa: "Tatsala ndi mphindi ziwiri, titha kulandira mafunso awiri. Ndani ayambe?"

Tikalemba mafunso abwino, ntchito yatha?

Yatha theka. Pa funso lililonse tengani kapepala kolimba kokwana m'dzanja, mulembepo zinthu zinayi: funso lenilenilo mawu ndi mawu, mayankho omwe mukuyembekezera, chomwe mudzanene wina akayankha molakwika, ndi chomwe mudzachite pakapanda woyankha. Lembaninso dzina la amene adzafunse, chifukwa ndaonapo anthu asanu akuyang'anizana kutsogolo, aliyense akuganiza kuti funsolo ndi la mnzake.

Kulemba funso mawu ndi mawu n'kofunika chifukwa mantha amatalikitsa funso. Munthu amalifunsa, n'kuona nkhope zosasintha, n'kulifunsanso mwa mtundu wina, n'kuwonjezera lachitatu, ndipo omvera sadziwanso kuti ayankhe liti.

Gawo la yankho lolakwika ndi lomwe ambiri salikonzekera. Mnzanu akayankha zosakhala bwino, pali misampha iwiri. Wina amati "ayi, mwalakwa" mouma, ndipo palibenso amene akweze mkono tsiku limenelo. Wina, poopa kukhumudwitsa mnzake, amati "zoona, zikomo" pa yankho lomwe si loona, ndipo kalasi imatuluka ndi bodza, aphunzitsi n'kudula malikisi. Chofunika n'kupeza kachidutswa koona m'yankholo, kukavomereza, kenako kukonza chotsalacho. Pa kapepala ka funso lotsekera, gulu lija linalemba kuti wina akati "athire mankhwala" adzayankhe motere: "Mankhwala amathandizadi m'matumba wamba. Koma m'thumba ili ntchito yopha tizilombo ikugwiridwa ndi kusowa kwa mpweya. Chomwe thumbali silingachite ndi chiyani?" Yankho limenelo linabweradi, ndipo sanadodome.

Tafunsa, anthu angoti zii. Tichite chiyani?

Choyamba, dikirani. Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi wa ku America, anajambula mawu m'makalasi ambiri n'kufalitsa zomwe anapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, kenako n'kulibwereza, kulisintha kapena kuloza wina. Pomwe ankadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho ankatalika ndipo ophunzira ambiri ankayankhako, ngakhale aja osalankhulalankhula. Ngati aphunzitsi ozolowera amalephera kudikira, kuli bwanji inu amene mawondo akunjenjemera? Mukaima kutsogolo, masekondi atatu amakhala ngati chaka. Werengani chamumtima mpaka 5 pang'onopang'ono, maso ali pa anthu, osati pa silaidi. Muyeserere kudikiraku pokonzekera, wina agwire wotchi.

Chete akapitirira, musadziyankhe nokha. Gwiritsani ntchito chomwe munalemba pa kapepala. Njira yosavuta ndi yoti, "Kambiranani ndi amene mwakhala naye pafupi kwa theka la mphindi." Phokoso likayamba, manyazi amatha, ndipo mutha kufunsa kuti, "Asisi, inu ndi anzanuwo mwagwirizana zotani?" Munthu amalimba mtima kunena maganizo a anthu awiri kusiyana ndi ake yekha.

Pa nkhani yotchula dzina, funso liyambe, dzina libwere pambuyo pa kudikira. Mukayamba ndi dzina, ena onse amapumira m'mwamba n'kusiya kuganiza, ndipo wotchulidwayo amadzidzimuka osamva n'komwe funsolo.

Tingadziwe bwanji kuti funso ndi lomveka tisanafike m'kalasi?

Liyeseni pa munthu amene sali m'gulu lanu, monga mnzanu wa kuhositelo wochita maphunziro ena. Muwerengereni kamodzi kokha, osafotokoza chilichonse, ndipo mumvere. Akafunsa kuti "ukutanthauza chiyani?", vuto ndi la funso, osati lake. Akayankha zosiyana kwambiri ndi zomwe munalemba pa kapepala, funsolo lili ndi khomo lina lomwe simunalione. Inu a m'gulu simungaone zimenezi chifukwa mwakhala ndi nkhaniyo sabata yonse.

Popeza mapulezenteshoni ambiri a kukoleji amachitika m'Chingerezi, samalani ndi mawu akuluakulu omwe mwawatola m'mabuku. Funso lomwe munthu ayenera kuyamba walimasulira m'mutu mwake lisanamufike limafuna nthawi yodikira yochulukirapo. Yesani kulinena m'Chichewa kwa mnzanu. Mukalephera, ndiye kuti inunso simunalimvetse. Ndipo ngati aphunzitsi anu amalola, uzani kalasi kuti itha kuyankha m'chilankhulo chilichonse. Pa funso la agogo lija, mayankho okoma onse anabwera m'Chichewa.

Nanga mafunso omwe anzathu ndi aphunzitsi adzatifunse ife?

Awanso amakonzekeredwa, ndipo cholakwika chachikulu n'kukonzekera mafunso okhawo omwe mukuwadziwa mayankho ake. Tsegulani masilaidi anu imodziimodzi. Paliponse pomwe pali nambala, dzifunseni kuti mwaitenga kuti. Paliponse pomwe mwalangiza kanthu, dzifunseni kuti mlimi wopanda ndalama kapena chipangizo achita bwanji. Paliponse pomwe mwayamikira chinthu, dzifunseni kuti chimalephera pati. Mafunso a aphunzitsi ambiri amachokera m'malo atatu amenewa. Kenako gawanani: funso la chinyezi ayankhe uyu, la makoswe oboola matumba ayankhe uyo.

Pali chizolowezi china chomwe ophunzira amaganiza kuti sitichiona, chopatsa mnzawo funso pasadakhale kuti adzafunse. Chimadziwika. Wofunsayo amawerenga pafoni mawu osalala kuposa momwe amalankhulira masiku onse, ndipo woyankha amayamba kuyankha funso lisanathe. Ine ndikaona zimenezi ndimangofunsa funso lotsatira pa mfundo yomweyo, ndipo nthawi zambiri nyumba imagwa pomwepo.

Gulu lathu litayendera masilaidi ake, linapeza dzenje lomwe likanagweramo. Pa silaidi ina linalemba 13 peresenti ija. Pa silaidi yotsatira linafotokoza njira ya mchere yoyezera kuuma kwa chimanga kumudzi: kuika njere m'botolo lagalasi louma mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, kuthiramo masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma bwino, kutseka, kukhutchumula kwa mphindi imodzi, n'kulisiya kwa mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Mmodzi wa iwo ndiye anafunsa anzake kuti, kodi mcherewo umasiya kumatirira chinyezi chikafika pa 13 yomweyo? Atabwerera ku zomwe anawerenga anapeza kuti ayi, njirayi imasonyeza malire a pafupifupi 15 peresenti. Manambala awiri osiyana anali atakhala moyandikana sabata yonse popanda wowaona.

Sanachotse silaidi iliyonse. Analemba kapepala kena, n'kumupatsa mnyamata amene anatulukira vutolo. Pa tsikulo, nthawi ya mafunso itakwana, ndinakweza mkono n'kufunsa za kusiyana kwa manambala awiriwo. Iye anayankha kuti, "Aphunzitsi, mchere umangotiuza kuti chimanga chatsika pansi pa 15, sungatiuze kuti chafika pa 13. Ndiye mlimi akaona kuti mchere sukumatirira, ndi bwino achiyanikebe kwa tsiku lina kapena awiri a dzuwa lamphamvu, ndipo ngati mlangizi wa m'dera lake ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi, akayezetse." Ndinafunsanso kuti masiku awiriwo amatsitsa chinyezi ndi maperesenti angati. Anati zimenezo sanazipeze, zimadalira dzuwa ndi momwe chimangacho chayalidwira, ndipo sakufuna kutchula nambala yongopeka. Ndinachonga, n'kuitana gulu lotsatira.